Lendi ya ku Lilongwe, msonkho wa maiko awiri: mmene ndinalongosolera zanga

Ndine namwino, ndimagwira ntchito ku England, ndipo ku Lilongwe ndinasiya nyumba yomwe ndimachititsa lendi. Anzanga ambiri kuno ali ngati ine, ndipo pafupifupi onse amakhulupirira kuti popeza msonkho umadulidwa kale pa malipiro mwezi ndi mwezi, nkhani yawo ndi boma inatha. Sinathe ayi. Britain imakhometsa munthu wokhala m'dzikomo pa ndalama zake zonse, kaya zachokera kuti. Malawi amayang'ana kumene ndalamayo yapangidwira. Lendi ya nyumba yanga inapangidwira ku Malawi koma mwini wake ndimakhala ku Britain, choncho maiko onse awiri ali ndi mphamvu pa ndalama yomweyo.

Choyamba ndinafunika kudziwa ngati ndine wokhala ku Britain pa nkhani ya msonkho. Pasipoti ndi viza sizilowapo apa. Chomwe chimagamula ndi malamulo otchedwa Statutory Residence Test, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2013, ndipo amayeza chaka chilichonse pachokha. Chaka cha msonkho kuno chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo chaka chinacho. Tsiku limawerengedwa ngati pakati pa usiku panakupezani muli m'dzikomo. Ndinatenga pasipoti ndi matikiti a ndege, n'kulemba usiku uliwonse umene ndinagona kuno. Ndinafika mu Seputembala, ndipo pofika pa 5 Epulo ndinali nditadutsa masiku 183. Ukafika 183 palibenso zokambirana, ndiwe wokhala kuno chaka chimenecho.

Amene anafika mochedwa, tinene mu Disembala, asadzinyenge kuti apulumuka chifukwa masiku sanakwane. Pali njira ina yolowera: ngati mwayamba ntchito yokhazikika ya maola okwanira kuno, ndipo yapitirira kwa masiku 365, mumawerengedwa wokhala kuno ngakhale m'chaka choyambacho. Namwino kapena wosamalira okalamba amene anabwera pa viza ya ntchito nthawi zambiri amagwera pamenepa.

Apa mtima unandigunda, chifukwa kuyambira Epulo mpaka Ogasiti ndinali ndikulandirabe malipiro ku Malawi, ndipo anali atadulidwa kale msonkho kumeneko. Lamulo lili ndi mpumulo wake. Munthu akasamukira kuno chaka chili pakati, n'kuyamba ntchito yokhazikika kapena kukhala ndi pokhala pake kuno, chakacho chimagawidwa pawiri, ndipo ndalama za kunja zimene analandira asanafike sizikhudzidwa. Zimenezi zimalembedwa pa fomu ya SA109. Fomuyi sipezeka pa njira yaulere ya pa intaneti ya HMRC, bungwe lotolera msonkho ku Britain. Muyenera kutumiza zonse pa pepala pofika pa 31 Okutobala, kapena kugula pulogalamu yovomerezeka, kapena kupita kwa akauntanti. Ine ndinagula pulogalamu.

Tsopano lendi, pamene pagona nkhani. Kuyambira tsiku limene ndinafika, lendi yonse inayenera kulembedwa kuno, ngakhale sindinabweretse tambala imodzi. Ndalamayo imalowa ku banki ya ku Malawi, mayi amatengako ya feteleza ndi fizi ya ana a mchemwali wanga, koma mwini wake ndine. Ndinalembetsa Self Assessment, njira yoti munthu adziwitse yekha HMRC za ndalama zake, lisanafike tsiku la 5 Okutobala lotsatira kutha kwa chaka cha msonkho, a HMRC ananditumizira nambala yanga ya msonkho yotchedwa UTR, ndipo lendiyo ndinailemba pa fomu ya SA106, ya ndalama za kunja. Otumiza pa intaneti malire awo ndi 31 Januwale, lomwenso ndi tsiku lolipira.

Pa fomupo salemba makwacha. Lendi ya mwezi uliwonse ndinaisintha kukhala mapaundi, ndipo popeza kwacha imagwa, ndinatsata mtengo wa nthawi imene ndalamayo inalowa, osati wa tsiku lodzaza fomu. Kenako ndinachotsa zimene ndinawonongera nyumbayo, monga kukonza denga lodontha, kupenta ndi malipiro a ejenti. Kumanga chipinda chatsopano sikuchotsedwa, chifukwa kumeneko ndi kukuza chuma, si kukonza.

Kuti munthu asalipire kawiri pa ndalama imodzi, Britain imachotsera msonkho umene mwalipira kale kumene nyumba ili. Maiko awiriwa ali ndi pangano la msonkho lakalekale, la mu 1955, nthawi ya Nyasaland. Nditenge manambala osavuta kuti zimveke. Tinene phindu la lendi pa chaka ndi £2,000, ndipo malipiro anu anadutsa kale £12,570 yomwe munthu amalandira osakhoma msonkho. Pa mlingo wa 20 peresenti, Britain ikufuna £400. Ngati ku Malawi munalipira yofanana ndi £300, kuno mumangoonjezera £100. Ngati kumudzi munalipira £500, kuno simulipira kanthu pa lendiyo, koma £100 yotsalayo sakubwezerani, ndipo simungaichotsere pa msonkho wa malipiro anu.

Kuchotseraku kumafuna umboni. Mwayi wanga unali woti amene akukhala m'nyumba yanga ndi ogwira ntchito ku kampani ina, ndipo kampaniyo ndi imene imalipira lendi. Imadula msonkho isanandipatse ndalama, kuupereka ku MRA pa TPIN yanga, n'kupereka chikalata chosonyeza zimene yadula. Zikalata zimenezo ndinapempha mchimwene wanga kuti azitolere, azijambule ndi kunditumizira. Ndinaonetsetsanso kuti za ku MRA zalongosoka, chifukwa Britain imachotsera msonkho umene unayeneradi kulipidwa. Ngati anakudulani wopitirira, wotsalawo mukaufunse ku Malawi komweko. Amene amandidetsa nkhawa ndi anzanga amene lendi yawo imalipidwa pamanja kapena pa foni, popanda wodula msonkho, iwonso osapereka kanthu. Amenewa alibe choti achotsere kuno, ndipo ngongole ikuwadikira mbali zonse ziwiri.

Pali lamulo latsopano limene lasokoneza ambiri m'magulu athu a WhatsApp. Kuyambira pa 6 Epulo 2025, munthu amene wabwera kudzakhala ku Britain atatha zaka khumi zotsatizana asali wokhala kuno angapemphe kuti ndalama zake za kunja zisakhomedwe msonkho pa zaka zinayi zoyambirira. Anthu akumva mbali yokomayo basi. Mukapempha zimenezi, chaka chimenecho mumataya £12,570 yopanda msonkho ija. Kwa namwino wa ku England wolipira 20 peresenti, kutaya imeneyo ndi kuonjezera £2,514 pa msonkho wa malipiro ake. Mu chitsanzo chija, ndiye kuti mwalipira £2,514 kuti mupulumutse £100. Lamuloli limapindulira amene ali ndi ndalama zambiri kunja. Nditawerengera zanga ndinaona kuti silindithandiza, ndipo ndikupempha aliyense wa nyumba imodzi kapena ziwiri kuti atenge cholembera asanachonge bokosi lopempha zimenezi pa fomu.

Chotsala ndi kusunga mapepala. Ndili ndi faelo ya chaka chilichonse, kuyambira pa 6 Epulo, momwe ndimaika matikiti a ndege, masitetimenti a banki ya ku Malawi, malisiti a amisiri ndi zikalata za msonkho wodulidwa. Matikitiwo adzafunikanso chaka chimene ndidzabwerere kwathu, chifukwa malamulo otuluka ndi okhwima kuposa olowa: amene anali wokhala kuno m'chimodzi mwa zaka zitatu zapitazo amatsimikizika kuti wachoka, poyang'ana masiku okha, ngati wagona ku Britain masiku ochepera 16 m'chakacho. Akapitirira, amayamba kuyang'ana ngati akugwira ntchito yokhazikika kunja, komanso ngati anasiya kuno mkazi kapena mwamuna, ana aang'ono kapena nyumba yoti angafikiremo.