Lisiti la simenti lomwe linandiyendetsa mpaka ku Limbe

Lachisanu lapitali ndalandira kalata ya a msonkho yotseka oditi ya mabuku a shopu yanga, ndipo usiku umenewo ndi pomwe ndinagona tulo tenitweni patatha milungu isanu. Ndimagulitsa simenti, malata, misomali ndi penti kuno ku Balaka, ndipo ndinalembetsa VAT kalekale. Mtima ukadali wowawa pang'ono, choncho ndilembe izi zisanazirale, mwina wina apulumukirapo.

Kalata yoyamba ya a msonkho inati adzaona mabuku a zaka ziwiri, 2021 ndi 2022. Sindinade nkhawa kwenikweni, poti ine pepala sinditaya. Chilichonse chinali m'makatoni, pamwamba pa shelefu ya kumbuyo, pansi penipeni pa malata a denga. Amene amadziwa kutentha kwa Balaka mu Okutobala waona kale pomwe nkhaniyi ikupita.

Anabwera awiri, bambo ndi mayi, anthu aulemu ndithu. Sanafune kuona pepala lililonse ayi. Anatenga mafomu a VAT omwe ndimapereka mwezi ndi mwezi pasanadutse pa 25, anayang'ana ndalama zomwe ndinkachotsera ngati msonkho womwe ndinalipira kale pogula katundu, kenako anasankha mainvoisi 25 okha nkuti, "Mayi, tionetseni awa." Oditi imayenda motero. Amatola ochepa, makamaka a ndalama zambiri, ndipo akaona kuti ochepawo akuvuta kupezeka, amakulitsa ukonde.

Pa 25 aja, 19 ndinawapeza tsiku lomwelo. Anayi anatuluka mawa lake m'katoni ya chaka china, atasakanikirana ndi makalata a lendi. Awiri otsalawo ndinawapezanso, koma anali oyera mbee. Malisiti otuluka m'makina a EFD, omwe amalonda ankatulutsira malisiti a msonkho nthawi imeneyo, salembedwa ndi inki. Pepala lake lili ndi mankhwala omwe amada akatenthedwa ndi makinawo, nchifukwa chake dzuwa, kutentha ndi chinyezi zimafufuta zolembazo pang'onopang'ono mpaka kutsala kapepala kopanda kanthu. Limodzi ndinalimata ndi selotepi pa invoisi yake, ndipo pomwe panadutsa selotepiyo ndi pomwe panafufutika kwambiri. Ngati muiwala zonse zomwe ndalemba pano, ichi chokha musaiwale: lisiti la pepala lotere lijambuleni fotokope tsiku lomwe mwalilandira, mulumikize ziwirizo ndi sitepula, osati selotepi kapena guluu.

Lalikulu mwa awiriwo linali la simenti, la mu Ogasiti 2022. Ndinalipira K2,330,000 yonse pamodzi. Katunduyo anali wa K2,000,000, ndipo K330,000 inali VAT, poti nthawi imeneyo inali 16.5 peresenti. K330,000 imeneyo ndinaichotsera kale pa msonkho wa mwezi umenewo. Mayi uja anandiuza mosapita m'mbali kuti popanda umboni wowerengeka, ndalamayo ndibweza, ndipo pamwamba pake padzakhala chilango ndi chiwongoladzanja kuwerengera kuchokera nthawi imeneyo. Anandipatsa masiku oti ndikapeze kope kwa omwe anandigulitsa.

Apa ndi pomwe panandipsetsa mtima, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimamva kutentha m'chifuwa. Kampani yomwe ndinagulako simentiyo ili ku Limbe. Ndinaimba kaye foni, anati bwerani, si nkhani yovuta. Ndinadzuka 4 koloko m'mawa, kutseka shopu tsiku lonse, kukwera minibasi. Ndinafika pa ofesi yawo 9 koloko isanakwane. Mtsikana wa pa kauntala anati wa maakaunti watuluka pang'ono. Ndinakhala pa benchi la pakhonde, pafupi ndi pomwe malole amapakira, fumbi la simenti likundithira m'maso ndi m'tsitsi. 11 koloko anati ali pa msonkhano. Itakwana 12 anati apita ku nkhomaliro. Munthu amene wakhala akuwagula katundu wa mamiliyoni kwa zaka, osapatsidwa ngakhale mpando wa m'kati!

Bamboyo anatulukira cha m'ma 2 koloko. Funso lake loyamba linali lakuti, "Nambala ya invoisi ndi chani, mayi?" Mwayi wanga ndi woti nambalayo ndinali nditailemba m'buku langa la zogula, apo ayi akanandibweza. Anati za 2022 zili m'kompyuta yakale, ndipo kusindikiza kope lililonse ndi K10,000. Pepala limodzi, la katundu yemwe ndinawalipira kale! Ndinapereka. Atandipatsa pepalalo ndinaona kuti palibe chidindo, palibe siginecha. Ndinati, "Bambo, ichi a msonkho sangachilandire, aliyense angathe kuchisindikiza kunyumba kwake." Anati wosunga chidindo waweruka. Ndinagona kwa mlamu wanga ku Bangwe, nkubwereranso m'mawa chifukwa cha chidindo chokha. Masiku awiri shopu ili chitsekere, thiransipoti, K10,000, zonsezi chifukwa cha fotokope yomwe ndikanajambula pa mtengo wa mandasi mu 2022.

Mukapita kukatenga kope lotere, musachoke musanaliwerenge. Liyenera kuonetsa dzina la wogulitsa ndi TPIN yake, yomwe ndi nambala yake ya msonkho, dzina lanu, tsiku lenileni lomwe munagula osati tsiku losindikiza, nambala ya invoisi, ndi VAT yolembedwa payokha. Chidindo ndi siginecha zikhalepo. Ndipo imbani foni kwa wa maakaunti mwiniwakeyo, osati pa kauntala, mumuuze nambala ya invoisi, aikonze musananyamuke.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono, ndadumpha chinthu. Kope la ku Limbe lija palokha silinathetse nkhani. Chomwe chinawakhutiritsa ndi choti linagwirizana ndi mapepala ena. Sitetimenti ya ku banki inaonetsa K2,330,000 ikutuluka kupita kwa kampaniyo sabata yomweyo, ndipo kapepala komwe ndinasainira lole itatsitsa matumba kanalipo, kolembedwa ndi cholembera, kosafufutika. Bambo wa oditi uja anayala zitatuzo pa tebulo, nkumaloza ndi chala tsiku, ndalama, chiwerengero cha matumba. Zitafanana anaika chizindikiro nkupita kwina. Ndinaphunzira pomwepo kuti invoisi siyenda yokha. Amafuna kuona kuti katundu anaitanitsidwa, anafika, ndipo analipiridwa.

Lisiti lachiwiri ndinaluza. Linali la penti, K349,500, ndipo VAT yake inali K49,500. Ndinalipira ndalama pamanja, choncho ku banki kunalibe chizindikiro chilichonse, ndipo sitolo yomwe ndinagulako inatsekedwa kalekale. Panalibe wokamupempha kope. K49,500 ndinabweza pamodzi ndi zoonjezera zake. Kuyambira pano, katundu wa ndalama zambiri ndikulipira kudzera ku banki kapena pa foni basi.

Za kutalika kwa nthawi yosunga, anthu amalankhula zosiyanasiyana, ena amati zaka zitatu zakwana. Musawamvere. Lamulo la VAT limafuna zaka zosachepera 6. Akauntanti amene wandithandiza pa nkhaniyi anati ndizisunga zonse zaka 7, kuti ndisamavutike kusiyanitsa pepala la VAT ndi la msonkho wa phindu, poti invoisi imodzi yomweyo imagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Anatinso ndisamawerenge kuchokera pa tsiku la invoisi, koma kuchokera kumapeto kwa chaka cha mabuku chomwe invoisiyo yagweramo. Mabuku anga amatsekedwa pa 31 Disembala, ndiye kuti lisiti la simenti la Ogasiti 2022 ndidzalitaya chaka cha 2029 chitatha, osati mu Ogasiti. Pa fayilo iliyonse ndalemba ndi maka wamkulu chaka chake ndi chaka chodzaitaya.

Pali mapepala ena omwe zaka 7 siziwakhudza motero. Invoisi ya kagalimoto kanga konyamulira katundu ndiisunga nthawi yonse yomwe galimotoyo ili m'manja mwanga, ndipo zaka 7 zidzayamba kuwerengedwa ndikadzaigulitsa, chifukwa chaka chilichonse ndimachotsera kutha kwake pa msonkho ndipo mtengo woyambira umachokera pa pepala limenelo. Chimodzimodzi mapepala a nyumba ya shopu. Ndipo chaka chomwe pali mkangano kapena oditi yosatha, simutaya kanthu ngakhale zaka zitakwana. Kalata yotseka oditi yomwe ndalandira Lachisanuyi sindidzaitaya konse.

Makatoni aja ndawachotsa onse. Kupatula kutentha, imodzi chiswe chinali chitayamba kuiboola pansi, mwayi chinangodya m'mphepete. Tsopano ndili ndi mafayilo olimba awiri pa chaka, ina ya zogula, ina ya zogulitsa, ndipo m'kati ndagawa mwezi ndi mwezi. Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse ndaika kope la fomu ya VAT ya mwezi umenewo, kumbuyo kwake mainvoisi onse omwe anapanga ndalama za pa fomuyo, motsatana ndi momwe alembedwera m'buku. Chifukwa chake nchakuti a oditi amayambira pa fomu nkumatsika kufuna pepala. Kale ndinkasanja potengera dzina la wogulitsa, ndipo nchomwe chinandichedwetsa ndi mainvoisi anayi aja. Ziphaso za msonkho womwe makasitomala akuluakulu amandidula akamandilipira zili ndi fayilo yakeyake, poti chikasowa chimodzi ndiye kuti ndalama yomwe inadulidwa kale simungaiwerengere. Mafayilowa ali mu kabati ya chitsulo, yokwezedwa pa njerwa, kutali ndi denga ndi zenera.

Loweruka lililonse tikatseka, mwana wanga wamkazi amajambula mapepala a sabatayo ndi foni, nkuwasunga ndi dzina loti munthu angalipeze osatsegula chithunzi, monga `2022-08-17_simenti_0412_2330000.pdf`, kutanthauza tsiku, katundu, nambala ya invoisi ndi ndalama. Kope limodzi limakhala pa intaneti, lina pa fulashi yomwe imagona kunyumba osati ku shopu, kuti moto kapena akuba asatenge zonse nthawi imodzi. Zithunzi zosiyidwa m'foni mokha si kusunga, foni imagwa m'madzi, imabedwa m'minibasi. Ndipo chithunzi sichikupatsani ufulu wotaya pepala lenileni, a oditi aja anafuna kugwira mapepala enieni poyamba.

Koma fotokope ya lisiti la makina siidikira Loweruka. Ndamuuza mnyamata wa m'shopu kuti lole ikangotsitsa katundu, asanamwe ngakhale madzi, athamange nalo pa malo ojambulira omwe ali kuseri kwathu, abwere nalo ndi kope lake, ndizilumikize ndekha. Sabata ino ndikujambulitsa malisiti onse a 2023 ndi 2024 omwe akadawerengeka. Ndafika pa Meyi 2023, ndipo atatu ndawapeza atayamba kale kuyera m'mphepete.