Lachiwiri: K4,240 yomwe inandidyetsa nsima yozizira

Lero sindinapite kudoko. Ndinauza anyamata kuti usipa ukabwera ayanike okha, ine ndili ndi mapepala. Chaka changa cha bizinesi chinatha pa 31 Malichi, masiku 180 operekera fomu ya msonkho ku MRA akutha mwezi uno wa Seputembala, ndipo chotsala chinali chimodzi basi, chiwongoladzanja cha ku akaunti yosungira ndalama.

Ndinalawira pa kabaza kuti ndikafike ku banki dzuwa lisanakalipe, poti ku Mangochi kuno ikangokwana 9 koloko munthu umayamba kusungunuka. Mtsikana wa pa desiki anandisindikizira satifiketi ya chiwongoladzanja, kuyambira 1 Epulo chaka chatha mpaka 31 Malichi chaka chino, n'kudindapo chidindo. Ndisananyamuke ndinayang'ana dzina, nambala ya akaunti ndi TPIN, nambala yomwe MRA imandidziwira pa za msonkho, chifukwa TPIN ikalakwika ngakhale nambala imodzi, msonkho womwe anakudula umavuta kuutsata kuti ndi wako. Zonse zinali bwino. Pamunsi panali manambala atatu: Gross Interest K186,400, Withholding Tax K37,280, Net K149,120.

Kufika kunyumba magetsi anali atathima. Ndinayala mkeka pakhonde, masitetimenti khumi ndi awiri, cholembera chofiira ndi kakyuleta ya pafoni. Ndinazunguliza mzere uliwonse wa ndalama yolowa yomwe si ya kasitomala, n'kuphatikiza. Inakwana K147,380. Nditayang'ana K186,400 ija mtima unagunda. Ndalama pafupifupi K39,000 yapita kuti?

Bambo a Chisomo, omwe anali chigonere pampando wandalema, anangoti, "Mayi a Chisomo, mukuyerekeza nsomba yosatumbula ndi yotumbula." Anali kunena zoona, ngakhale sindinawauze. Banki yanga imalemba mzere umodzi pamwezi, CREDIT INTEREST, ndipo ndalama ya pamzerewo ndi yodula kale msonkho wa 20 peresenti. Mabanki ena amalemba mizere iwiri, chiwongoladzanja chonse ngati cholowa, kenako msonkho ngati chotuluka. Munthu uyenera kudziwa kaye kuti yako imalemba bwanji, apo ayi uyamba kukalipira anthu osalakwa. Kwa ine nambala yoyerekeza ndi K149,120 ija, osati yaikuluyo. Ndinayesanso satifiketiyo payokha: ngati msonkho ndi 20 peresenti, ndiye kuti ndalama yotsalayo ukaigawa panayi ipereke msonkhowo. K149,120 kugawa panayi ndi K37,280. Ndendende.

Kusiyana kunatsika kufika pa K1,740, ndipo ndinatsala pang'ono kunena kuti basi, kameneka n'kochepa. Koma nditawerenga mizere yofiira ija ndinapeza khumi ndi itatu, pomwe miyezi ndi khumi ndi iwiri. Wowonjezerawo unali wa pa 17 Okutobala, K2,500, wolembedwa REVERSAL. Ndinakumbukira: anandidula kawiri ndalama ya khadi yatsopano, n'kubweza imodzi. Imeneyo si phindu, ndi ndalama yanga yomwe yangobwerera. Chizindikiro chake chinali poyera, chiwongoladzanja changa chimalowa pa 1 mwezi uliwonse, iyi inalowa pakati pa mwezi. Nditaichotsa, yanga inakhala K144,880, ndipo kusiyana kunakula m'malo mochepa, K4,240. Zolakwika ziwiri zinali kuphimbana. Ichi ndi chomwe chimandiopsa ndi kusiyana kwakung'ono, sudziwa kuti pansi pake pali chiyani.

Nsima inaphikidwa, anandiitana kawiri, ine ndili pa K4,240. Ndinafufuza mzere wa ndalama yotere m'masitetimenti onse, palibe. Ndinaigawa ndi 0.8 kuti ndione kuti inali zingati isanadulidwe msonkho, inapereka K5,300 yosalala bwino. Pamenepo ndinadziwa kuti ndi chiwongoladzanja ndithu, osati chinthu chachilendo. Koma miyezi yanga yonse chiwongoladzanja sichinatsikepo pa K9,000, ndiye si mwezi wathunthu womwe wasowa. Nambala yaing'ono chonchi imabwera ukachotsa mwezi wina pa mwezi unzake.

Azana ya masana ikumveka kumzikiti, ndinatenga sitetimenti yoyamba ija n'kuiyang'ananso modekha. Mzere woyamba weniweni, pa 1 Epulo chaka chatha, K9,600. Ndalamayi inalowa mu Epulo, inde, koma inaberekedwa ndi ndalama yomwe inagona mu akaunti mwezi wa Malichi, chaka chinacho. Banki imawerengera tsiku ndi tsiku mwezi wonse, n'kulipira mwezi ukatha. Ndiye mzere wanga woyamba unali wa chaka chakale, ndipo wa Malichi chaka chino sunali m'mulu wangawo n'komwe, poti unalowa pa 1 Epulo, tsiku limodzi chaka chitatsekedwa. Ndinatsegula sitetimenti ya Epulo pafoni: K13,840. Ndi yokulirapo chifukwa ndinasunga ndalama zambiri nyengo yomwe usodzi wa makoka unali wotseka ndipo ndinalibe katundu wambiri wogula. K13,840 kuchotsapo K9,600, K4,240. Ndinawomba m'manja ndekha mpaka nkhuku zinabalalika.

Tsono satifiketi ikuwerenga mwezi womwe chiwongoladzanja chinapangidwa, ine ndimawerenga tsiku lomwe chinalowa. Palibe amene waba. Komabe sindinafune kungoganizira, ndinaimba ku banki. Mtsikana uja anatsimikiza kuti, "Eya mayi, ifeyo timatseka pa 31, ndalama imaoneka m'mawa mwake." Ndinamufunsanso ngati satifiketiyo ili ndi akaunti imodzi yokha, poti nthawi ina ndinali ndi ya fikisidi, ndipo satifiketi yophatikiza maakaunti awiri singagwirizane ndi sitetimenti ya akaunti imodzi ngakhale utawerengera usiku wonse. Anati ndi imodzi.

Chinatsala n'kuona kuti K9,600 ija, yomwe isanadulidwe inali K12,000, inawerengedwa kale chaka chatha kapena ayi. Ndinakumba m'sutikesi ya pansi pa bedi, momwe muli risiti za zaka zambiri ndi fungo la mankhwala a njenjete, ndipo ndinaipeza satifiketi yakaleyo. Imatha pa 31 Malichi, ndipo nditaphatikiza mizere ya chaka chimenecho mwa njira yomweyi, Malichi anali momwemo. Ndikanatsata sitetimenti chaka chino nditatsata satifiketi chaka chatha, mwezi umodziwo ndikanaulemba kawiri, wina n'kuusiya.

Pa fomu ndilemba K186,400 ngati chiwongoladzanja chomwe ndinapeza, ndi K37,280 ngati msonkho womwe banki inadula kale n'kupereka m'dzina langa. Mnzanga wina wa kumsika chaka china analemba ndalama yodula kale ija ngati phindu, kenako n'kulembanso msonkho pambali, manambala ake sanafanane ndi a banki ndipo anayenda maulendo angapo kukafotokoza. Kuseri kwa fotokope ya satifiketi ndalemba ndi cholembera: K144,880, kuchotsa K9,600, kuwonjezera K13,840, zikwana K149,120. Ndaphatika pamodzi ndi masitetimenti khumi ndi atatu, ya Epulo chaka chino ili pamwamba.

Nsima ndinaidya 3 koloko, yozizira, ndi chambo chomwe bambo a Chisomo anali atadyako kale mutu. Magetsi ayaka cha m'ma 6, koma netiweki ikukoka mwendo ndipo Msonkho Online, pomwe timaperekera fomu ya msonkho pa intaneti, sikutseguka pafoni yangayi. Mawa ndikalawira kwa mphwanga ku M'baluku, ali ndi laputopu.