Sabata imene masheya anadumpha malire

Ntchito yanga kuno ku Chipata ndi yolangiza magulu amene ali ndi ndalama zosunga kwa nthawi yaitali, ndipo sabata yathayi pafupifupi yonse inathera pa thumba limodzi la kopaletivu ya alimi a soya ndi nshawa cha ku Katete. Thumbalo lili ndi K2,000,000. Lamulo lawo lolembedwa limati 40 peresenti ikhale m'masheya a pa LuSE, msika wa masheya wa ku Lusaka, 60 peresenti m'mabondi ndi matibilu, mapepala obwereketsera boma ndalama. Koma mitengo siima malo amodzi, masheya akakwera gawo lawo limakula lokha olo simunagule kalikonse, ndiye nthawi ina mumayenera kugulitsako kapena kugulako kuti thumba libwerere pa muyeso. Nkhani ndi yakuti muchite liti.

Kale iwo anali kuyendera kalenda, miyezi itatu iliyonse ikakwana basi kubweza pa 40 ndendende, kaya zasuntha pang'ono kaya kwambiri. Kumayambiriro a chaka chino tinagwirizana zoika malire, 35 pansi 45 pamwamba. Mkati mwa malirewo sitigwira chilichonse, tingoyang'ana chabe.

Pa Mande nditalowetsa mitengo yatsopano mu Excel ndinapeza masheya afika K920,000, ndiye kuti 46 peresenti. Adumpha. Ndinaimbira atcheyamani, iwo nati "Amayi, ndiye malire anu aja atithandiza chiyani poti tigulitsabe?" Funso labwino, ndipo pa Chiwiri tsiku lonse ndinali kukonza yankho lake ndi manambala a m'mabuku awo omwe.

Poyamba mtengo wa kugula kapena kugulitsa sheya. Komishoni ya broka pamodzi ndi tindalama ta msika ndi ta SEC, bungwe loyang'anira malonda a masheya, kwa ife zimafika pafupi 1.4 peresenti, iyi aliyense amaiona chifukwa imalembedwa pa pepala lochoka kwa broka. Imene anthu saiona ndi mpata wa pakati pa ogula ndi ogulitsa. Tinene ogula akufuna pa K4.90 ogulitsa akufuna K5.00, mtengo wapakati ndi K4.95, inu mukafuna kugulitsa lero lomwe mulandira K4.90, mwataya 5 ngwee pa sheya iliyonse yomwe ndi pafupi 1 peresenti, ndipo palibe risiti imene idzakuuzeni zimenezo. Zonse pamodzi ndimawerengera 2.4 peresenti pa kwacha iliyonse ya masheya imene yasuntha.

Manje chaka chatha, poyendera kalenda. Kumapeto kwa Malichi masheya anali pa 42, anagulitsa a K40,000. Juni anatsika kufika 38, anagula a K40,000, ambiri mwa iwo omwe aja anagulitsa. Seputembala 41.5, anagulitsa K30,000. Disembala 39, anagula K20,000. Zonse zosuntha K130,000, mtengo wake K3,120. Akanangosiya osagwira, gawo la masheya likanayenda pakati pa 40 ndi 42 chaka chonse nkuthera pafupi ndi pomwe linayambira, ndiye kuti ndi malire a 35 ndi 45 sipakanakhala oda olo imodzi. Apa ndi pamene kalenda imandiwawa mtima, imakulipiritsani kukonza chinthu chimene msika ukanakonza wokha mwezi wotsatira. Kuli ngati kulipira mnyamata wa ngolo kuti apititse matumba ku depoti mawa lake nkumulipiranso awabweze. K3,120 ingaoneke yochepa pa mamiliyoni awiri koma ndi thukuta la alimi, ndipo imachoka chaka ndi chaka.

Pa Chitatu ndinapita ku Katete kukakumana ndi komiti. Apa mpamene tinakhalitsa, chifukwa lamulo lawo linanena za malire koma silinanene kuti mukadumpha mubwerere pati, ndipo mtengo wonse wagona pamenepo. Kubwerera mpaka pa 40 kufuna kugulitsa K120,000, mtengo K2,880. Kungobwerera pa mzere wa 45 ndi K20,000 chabe, mtengo K480, koma mwatsala pa mphepete penipeni moti masheya akangokwera pang'ono sabata yamawa mwadumphanso, oda ina komishoni ina. Pakati, pa 42.5, mugulitsa K70,000, mtengo K1,680. Ine nthawi zambiri ndimakonda yapakatiyo, makamaka pa LuSE, chifukwa msika wathu ndi woonda. Pali masheya ena amene amatha masiku osagulidwa, ndiye mukaponya oda yaikulu ogula a pa K4.90 amatha msanga, otsatira ali pa K4.70, ndipo 2.4 peresenti ija siikhalanso yoona. Ichi ndi chofooka cha malire chimene ndinawauza mosabisa: maoda amakhala ochepa koma iliyonse ikabwera ndi yaikulu.

Amayi ena, asungichuma a gululo, ndi amene anatitsegula maso. Anati mamembala akugulitsa soya tsopano ndipo zopereka za chaka, pafupi K100,000, zilowa mwezi uno usanathe. Tinawerengera pomwepo pa foni. Ndalamayo ikapita yonse ku matibilu thumba likhala K2,100,000, masheya akadali K920,000, ndiye kuti 43.8 peresenti. Tabwerera mkati mwa malire osagulitsa sheya olo imodzi. Bank of Zambia imagulitsa matibilu milungu iwiri iliyonse, kotero ndalamayo siikhalitsa pa akaunti. Madividendi, phindu limene makampani amagawira eni masheya, akabwera nawonso apita komweko m'malo mogula masheya ena.

Asekiletale sanakhutire ndipo anali ndi mfundo. Anati kalenda ubwino wake siiwalika, tsiku likafika aliyense adziwa, pomwe malire afuna munthu woyang'ana. Zoona zimenezo. Malire opanda woyang'anira ndi oopsa kuposa kalenda, thumba lingafike 50 peresenti masheya komiti ili phee, mitengo ikagwa nkupezeka kuti munanyamula chiopsezo chimene simunavomere. Ndinawonjezanso china, kuti mtengo umene timaona pa sikirini ndi wa malonda omaliza, ngati sheya sinagulidwe milungu itatu mtengowo ndi wakale, ndiye 46 yathu ija mwina si 46 yeniyeni. Njira yodziwira ndi kuyang'ana tsiku la malonda omaliza ndi mtengo umene ogula aika lero. Nditawerengeranso masheya onse pa mitengo ya ogula gawo linatuluka 45.4, kudumpha kulipo ndithu koma kochepa, chifukwa china chosathamangira kugulitsa.

Pa Chinayi ndinalemba lamulo latsopano kuti komiti isaine. Kuyang'ana kukhale pa kalenda, Mande yoyamba ya mwezi uliwonse, poti kuyang'ana kulibe komishoni. Kugula kapena kugulitsa kukhale pokhapokha tadumpha 35 kapena 45. Tikadumpha tiyambe ndi ndalama zolowa mkati mwa masiku 30, zopereka, madividendi, chiwongoladzanja cha mabondi, tibilu yokhwima. Zikapanda kukwana tigulitse kapena tigule kufika theka la njira yochokera pa malire kubwerera pa 40, ndi oda yokhala ndi mtengo woikika osati ya mtengo uliwonse. Mu fayilo yawo ndinaika kafomula aka, B2 ndi gawo la masheya lolembedwa ngati 0.46:

```
=IF(OR(B2>0.45,B2<0.35),"ONANI","SIYANI")
```

Pa Chisanu atcheyamani anaimbanso kufunsa chimene chidzachitike zopereka zikachedwa, poti ogula soya ena salipira msanga. Tinagwirizana kuti tsiku la 30 likakwana ndalama isanalowe tigulitsa K70,000 ija m'magawo awiri kapena atatu, kuyamba ndi masheya amene amagulidwa tsiku ndi tsiku, pokumbukira kuti ndalama ya masheya imafika patatha masiku atatu a ntchito, ndiye oda yomaliza iyenera kupita sabata imodzi malonda a matibilu asanachitike.