Uthenga womwe ndimatumizira wometa pamodzi ndi chithunzi

Chithunzi chokha cha kametedwe komwe ndikufuna sichimukwanira wometa. Chimaonetsa mbali imodzi ya mutu, ndipo nthawi zambiri mwini mutuwo amakhala atangometedwa kumene, mzere wa pachipumi atadetsedwa ndi blaki. Ndiye ndisanapite ku babashopu ndimatumiza chithunzicho pa WhatsApp, limodzi ndi cha mutu wanga momwe ulili lerolo, kenako ndimalemba.

Ndisanalembe, ndimakulitsa chithunzicho n'kuyang'ana pamene khungu lathera ndi pamene tsitsi layamba kuda pa feidi, kametedwe komwe tsitsi limakwera pang'onopang'ono kuchokera pa khungu. Pamenepo ndimayeza ndi khutu, chifukwa khutu aliyense ali nalo pamalo amodzimodzi. Kungonena kuti "feidi yotsika" n'kosathandiza: zimene wina amati yotsika, mnzake amati yapakati. Koma ndikati "chala chimodzi pamwamba pa khutu", palibe mtsutso.

Kenako manambala a zipeso zovekera ku makina. Nambala 1 imasiya mamilimita 3, nambala 2 imasiya 6. Apa pali msampha. Nambala 1 yomweyo, akameta motsata momwe tsitsi lagonera, imasiya mutu wakuda bwino. Akameta molimbana nalo, khungu limaonekera. Choncho nambala ndimaitchula pamodzi ndi kolowera makina. Ndimauzanso wometa kuti manambalawo ndangoyerekeza, popeza tsitsi lopotana limaoneka lalifupi pachithunzi kuposa momwe lilili.

Uthenga wake umakhala wotere:

"Achimwene, ndibwera Loweruka m'mawa. Ndikufuna kametedwe ka pachithunzi choyambacho, chachiwiricho ndi mutu wanga lero. M'mbali muyambe ndi mpala, uthere chala chimodzi pamwamba pa khutu, kenako tsitsi lizikwera pang'onopang'ono mpaka nambala 1, pasaoneke mzere. Kunkhongo feidiyo itsike pang'ono, isazungulire mutu mowongoka. Pamwamba ndikuganiza nambala 2, motsata tsitsi, koma mukaona kuti ya pachithunzi ndi ina mundiuze musanayambe. Pachipumi mungowongola pomwe tsitsi langa lathera, musakankhire m'mbuyo. Blaki ayi, lezala ayi, imanditulutsa tiziphuphu. Ndevu musazikhudze."

Mawu a pachipumiwo sindiwasiya. Munthu wa pachithunzi mwina tsitsi lake limathera mowongoka mwachibadwa, pamene langa linalowa m'makona. Wometa wofunitsitsa kufanizira chithunzi amadya tsitsi la pakati kuti mzere ulingane, ndipo pakangotha masiku ochepa timatsitsi tomera kutsogolo kwa mzerewo timaulula zonse. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye kudikira kwake n'kwautali.

Ndikakhala pampando ndimapempha kuti ayambe ndi nambala yaikulu, chifukwa kuchepetsa n'kotheka koma lomwe lagwa pansi lapita. Akamaliza mbali imodzi ndimapempha galasi lam'manja, ndione kunkhongo asanayambe inayo. Zikatuluka bwino, ndimamupempha andijambule kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, ndipo ndimamufunsa manambala enieni omwe wagwiritsa ntchito kuti ndikonze uthenga uja.