Lachiwiri: mtengo wa tsiku la ntchito

Masana ano kunabwera mng'ono wanga ndi laputopu yake. Anasiya ntchito ya pamwezi, tsopano akukonzera mabungwe malipoti ndi mapositala payekha. Bungwe lina lamufunsa kuti amalipiritsa zingati pa tsiku, ndipo likufuna kotesheni mawa.

"Achemwali, ndawerengera kale," anatero. Akufuna K1,500,000 pa mwezi msonkho usanachotsedwe, kutanthauza K18,000,000 pa chaka. Wagawa ndi 260, masiku a Lolemba mpaka Lachisanu m'chaka chonse, n'kupeza pafupifupi K70,000. Ndinamufunsa kuti ndani amene adzamulipire masiku onse 260 amenewo. Tinatenga pepala.

Tinayamba ndi masiku amene wolembedwa ntchito amalandirabe malipiro ali kunyumba. Maholide a boma kuno ku Malawi alipo pafupifupi 12, monga tsiku la Chilembwe pa 15 Januwale ndi la ufulu pa 6 Julaye. Otsala 248. Lamulo limapatsa wogwira ntchito masiku asanu pa sabata tchuthi cha masiku 15 pa chaka, ndipo wodzilemba yekha nayenso thupi lake limatopa. Otsala 233. Matenda ndi maliro tinaikapo masiku 13, ngakhale tonse tikudziwa kuti maliro a kumudzi amodzi okha amatha kudya masiku atatu. Otsala 220.

Tinachedwa kwambiri pa masiku amene munthu amagwiradi ntchito koma palibe womutumizira invoisi. Kulemba makotesheni amene ena sayankhidwa n'komwe. Kukhala pa msonkhano m'mawa wonse kumvetsera zimene kasitomala akufuna. Kulondola ndalama za ntchito imene inatha miyezi iwiri yapitayo. Kudikira magetsi. Ndiye pali Disembala ndi Januwale, pamene maofesi ambiri amakhala atatseka kapena akudikira bajeti yatsopano, foni osalira. Ine ndimaona kuti pa masiku atatu alionse, limodzi limapita motere, choncho tinachotsa 70. Anatsala masiku 150 ogulitsa. Iye anati ndachepetsa dala. Ndinamuuza kuti atsegule kope lake awerenge masiku amene walembera invoisi miyezi itatu yapitayi, achulukitse ndi 4. Anawerenga mwakachetechete, ndipo nkhaniyo sanaibwerezenso.

Kenako ndalama zimene bwana ankamulipirira iye osaona. Ku penshoni bwana amaika 10 peresenti ya malipiro, ndiye K1,800,000 imeneyo tsopano ichokera m'thumba mwake. Bandulo, mayunitsi a magetsi, thiransipoti, chipatala, mapulogalamu a pakompyuta ndi kusungira laputopu ina tinaziyerekeza pa K4,200,000. Zonse pamodzi ndi malipiro ake zinakwana K24,000,000. Kugawa ndi 150, tsiku limodzi likubwera K160,000.

"Achemwali, andithawa anthuwa!"

Ndinamuonetsa kumene K70,000 ikanamufikitsa. Masiku 150 pa mtengo umenewo ndi K10,500,000. Kuchotsa K4,200,000 ya zofunika pa ntchito, itsala K6,300,000, kapena K525,000 pa mwezi, penshoni palibe. Munthu wotere umamudziwa msanga: ntchito ili mbwee, Loweruka ndi Lamlungu ali pa kompyuta, koma lendi akukongola. Zimandiwawa ndikaona achinyamata aluso akubwerera kukafunsira ntchito poganiza kuti alephera, chonsecho chimene chinalakwika ndi nambala yogawira basi.

Mantha akewo sindinawapeputse, chifukwa masamuwa amangokuuza mtengo umene iwe ukufunika, sakuuza umene msika ungalole. Akafunsa anzake a ntchito yomweyi n'kupeza kuti palibe amene amafika pamenepo, ayenera kusankha ndi maso otsegula: kutsitsa K1,500,000 ija, kuchepetsa zowonongera, kapena kupeza kasitomala mmodzi wa mwezi ndi mwezi kuti masiku ogulitsa akwere. Atafika 180, mtengo utsikira pa K133,000 kapena kuposerapo pang'ono.

Ndinamukumbutsanso za msonkho wochotseratu. Bungwe likamalipira ntchito ngati yakeyi limachotsa 20 peresenti n'kupereka ku MRA, ndiye pa K160,000 m'manja mufika K128,000. Ndalamayo siinatayike, imawerengeredwa pa msonkho wake wa chaka, bola azitenga satifiketi yake nthawi zonse ndi kuisunga.

Madzulo tinalemba kotesheniyo: masiku asanu pa K160,000, pamodzi K800,000, theka lilipidwe ntchito isanayambe. Kukonzanso kawiri kuli mumtengo womwewo, kachitatu n'kolipira. Tinalembanso kuti mtengowu ugwira ntchito masiku 30 okha, poti tonse tikukumbuka mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Watumiza cha m'ma 6 koloko, ndipo wati akamupempha kuti atsitse, achepetsa masamba oti akonze, mtengo wa tsiku usasinthe.