Mizere inayi ndi mapolo awiri

Ndagona mochedwa dzulo, koma ndadzuka mutu uli wopepuka, chifukwa silopu tchati uja, tchati cha mizere yopendekeka yoonetsa kusintha pakati pa zaka ziwiri, ndamumvetsa tsopano. Milungu itatu yathunthu ndakhala ndikulimbana naye. Amene tili limodzi m'kalasi ya Loweruka mukukumbuka kuti aphunzitsi anatipatsa manambala a ana opinimbira ochokera mu kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo m'Malawi, wotchedwa MDHS, wa 2010 ndi wa 2015-16, nkutiuza kuti tionetse mmene magulu anasinthira. Za kupinimbira ndi za mmene amayezera msinkhu wa mwana sindizibwereza, tonse tinakulira pa sikelo.

Manambala ake ndi awa, a ana osakwana zaka zisanu. Dziko lonse, opinimbira anali 47 peresenti mu 2010, nkutsika kufika 37 peresenti. Anyamata anachoka pa 51 kufika pa 39, atsikana pa 43 kufika pa 35. Ana akumudzi anachoka pa 48 kufika pa 39, pomwe am'tauni anachoka pa 41 kufika pa 25. Ine poyamba ndinachita zomwe ndinazolowera, tchati cha mabaa, awiriawiri pa gulu lililonse. Mabaa asanu ndi atatu anaima ndondolo ngati mpanda, ndipo chimene ndinaonapo chinali chimodzi basi, chakuti paliponse zatsika. Ndinalemba chomwecho pansi pake, pepala nkubwerera ndi funso lofiira lakuti, atsika mofanana kodi?

Ndiye ndinayesa silopu tchati pamanja, ndipo apa mpamene ndinalakwitsa zenizeni. Ndinajambula mzere woima kumanzere wa 2010, wina kumanja wa 2015-16. Kumanzere manambala onse ali pakati pa 41 ndi 51, choncho ndinaika 40 pansi, 55 pamwamba, kuti pepala lidzaze bwino. Kumanja nako ndinafuna kudzaza, ndinaika 20 pansi, 45 pamwamba. Nditalumikiza madonthowo ndi rula, mzere wa akumudzi unakwera! Kuchoka pa 48 kupita pa 39, koma papepala ukuloza kumwamba, ngati kupinimbira kwawonjezeka. Ndinaupenya, nkuupenyanso, ndikudziwa kuti pena pake pakhota koma osaona kuti ndi pati. Werengerani nokha: 48 pa sikelo ya 40 mpaka 55 akhala pakatikati, pomwe 39 pa sikelo ya 20 mpaka 45 akhala cha kumtunda ndithu. Ndiye mzere ulekerenji kukwera?

Chinanditsegula mutu si buku ayi. Achimwene anga akumanga kashedi kosungiramo mbatata ya kachewere kuseri kwa nyumba, kuno ku Dedza komwe mvula ikati igwe sichita nthabwala, ndiye denga liyenera kutsetsereka bwino. Lachinayi madzulo ndinakhala pa njerwa ndikuwaonerera, juzi ili m'thupi, mphepo ikuchokera kuphiri. Anazika mapolo awiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo. Asanakhome kalikonse anatenga kapaipi koonekera mkati, nkuthiramo madzi, mbali ina ku polo uyu, ina ku polo uyo, nkulemba ndi pensulo pomwe madzi aima. Ndinawafunsa kuti, achimwene, osangoyeza kuchokera pansi bwanji? Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. Akuti pansi pano mpokwera mbali imodzi, ukayeza polo aliyense payekha chingwe chidzakunamiza, madzi azidzabwerera m'kati mwa shedi. Kenako anakoka chingwe kuchoka pa polo wautali kupita pa wamfupi, ndipo ndinaona tchati changa chitaima pabwalo.

Mapolo awiri aja ndi zaka ziwiri za kafukufuku. Chingwe chilichonse ndi gulu limodzi. Ndipo kupendekeka kwa chingwe kumanena zoona pokhapokha mapolo onse ayezedwa kuchokera pa levulo imodzi, ndi tepi imodzi. Nkhani yonse yagona pamenepo. Ndinalowa m'nyumba nkujambulanso, mbali zonse 20 pansi, 55 pamwamba, sentimita imodzi kuimira mapoyinti asanu, kutalika masentimita asanu ndi awiri. Mizere yonse inatsetsereka, koma mosiyana. Wa m'tauni unagwa ngati njira yotsikira ku Golomoti, mapoyinti 16. Wa anyamata 12, wa akumudzi 9, wa atsikana 8.

Komabe chimene chinandikhalitsa chete si kutsetsereka kwa mzere umodzi ayi, ndi mpata wa pakati pa mizere iwiri. Tengani anyamata ndi atsikana. Kumanzere atalikirana ndi mapoyinti 8, kumanja ndi 4 okha, mizere ikuyandikirana. Tsopano tengani akumudzi ndi am'tauni. Kumanzere mpata ndi 7, kumanja ndi 14, mizere ikutayana ngati mphanda ya legeni. Ndiye kuti m'zaka zomwezo, pa kafukufuku yemweyo, kusiyana kwa anyamata ndi atsikana kunachepa ndi theka, pomwe kusiyana kwa kumudzi ndi m'tauni kunawirikiza kawiri. Zonsezi zinalimo mu mabaa anga aja, koma diso limayenera kudumpha baa imodzi, kusunga kutalika kwake m'mutu, kudumphanso ina, mpaka kutopa. Pa silopu tchati diso silichita masamu, limangoona kuti pakamwa pa mizere pakutseguka kapena pakutsekeka. Kwa ife amene anthu athu ambiri ali kumudzi, mphanda imeneyo ndiye nkhani yeniyeni, osati 47 kufika 37 amene aliyense amatchula.

Panopa ndikuona ngati tchati cha mabaa chingopuma kaye. Ndikudziwa kuti ndikukokomeza, mnzanga wina wandiseka kale kuti ndayamba kuona mizere yopendekeka ngakhale pa mtengo wa feteleza, koma pa zaka ziwiri ndi magulu angapo sindikuona chopambana ichi. Ndinayesanso ndi kalembera wa 2008 ndi wa 2018. Chigawo chapakati chinachoka pa anthu pafupifupi 5.5 miliyoni kufika 7.5 miliyoni, chakumwera pa 5.9 kufika pafupifupi 7.8, chakumpoto pa 1.7 kufika 2.3. Mizere iwiri yapamwamba ikuthamangitsana, wapakati ukuyandikira wakumwera koma osaudutsa. Apanso ndinatsala pang'ono kupusitsidwa. Mzere wa kumpoto ukuoneka wogona, ngati kumeneko anthu sakuchuluka, chonsecho 0.6 pa 1.7 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, pafupifupi chimodzimodzi ndi zigawo zinazo. Kupendekeka kumaonetsa kuchuluka kwa zomwe zawonjezeka kapena kuchoka, sikuonetsa kuti ndi gawo lanji la pomwe gululo linayambira. Pa kupinimbira paja nchimodzimodzi: kunena kuti m'tauni kunatsika ndi 16 peresenti nkulakwa, kunatsika ndi mapoyinti 16, ndipo 16 pa 41 ndi pafupifupi 39 peresenti.

Zoterezi bwenzi atatiuza m'kalasi. Mutu wonsewu anauthamanga mphindi makumi awiri, chithunzi chimodzi pa pulojekita chochokera kunja, cha mayiko amene enafe sitidziwa nkomwe kuti ali mbali iti, kenako akuti mukayesere kunyumba. Kunyumba kwake kuti? Timaweruka kuntchito dzuwa litapendeka, magetsi azima, laputopu batire yake siyikwana ola. Sindikuti ndi aphunzitsi oipa, nawonso silabasi ikuwathamangitsa, koma mawu amodzi okha akuti sikelo ikhale imodzi mbali zonse akanandipulumutsira milungu iwiri. Kaya anawanena ine ndili m'minibasi, poti tsiku limenelo ndinafika mochedwa.

Pa kompyuta sizinavute kwenikweni nditamvetsa chimene ndikufuna. Mu Excel mulibe batani la silopu tchati, umangotenga `Line with Markers`. Magulu ndinawaika m'mizere yotsika, zaka ziwiri pamwamba. Koyamba inandipatsa mizere iwiri yokhotakhota, umodzi wa chaka chilichonse, magulu ali m'munsi, zomwe zilibe tanthauzo chifukwa palibe njira yochoka kwa anyamata kupita kwa atsikana. Ukadina `Switch Row/Column` zimatembenuka, gulu lililonse nkukhala ndi mzere wake. Chenjeraninso ndi 2010, pakuti Excel imamuona ngati nambala yoti ijambule, ndiye ndinalemba `'2010` kuti akhale mawu. Kenako ndinachotsa mizere yakumbuyo ndi kabokosi kofotokoza mitundu, nkuika dzina la gulu ndi nambala yake pa dontho penipeni, kudzera pa `Series Name` ndi `Value`. Chimene musakhudze ndi `Secondary Axis`, chifukwa chimenecho ndicho cholakwa changa chija cha mapolo awiri, kungoti chavala suti.

Kumanja anyamata ndi akumudzi anakumana pa 39, mayina nkukwerana osawerengeka. Ndinataya nthawi ndikuwakoka ndi mausi, wina m'mwamba wina m'munsi, kenako ndinazindikira kuti vuto si malembo. Mnyamata wa ku Mayani ali mu mzere wa anyamata, alinso mu mzere wa akumudzi. Magulu awiriwa si opikisana, ndipo kukumana kwawo sikutanthauza kanthu, koma woona tchati adzaganiza kuti pachitika china chake. Ndinachigawa pawiri, china cha anyamata ndi atsikana, china cha kumudzi ndi m'tauni, zonse pa sikelo ya 20 mpaka 55, mzere wa dziko lonse uli wotuwa kumbuyo.

Pali zina zimene zikundisowetsabe mtendere. Mzere wowongokawo umaoneka ngati chaka ndi chaka zinthu zimatsika pang'onopang'ono mofanana, pomwe tili ndi madontho awiri okha, ndipo zapakati sitinaziyeze. Chingwe cha achimwene chilipodi pakati pa mapolo, ukhoza kuchigwira, koma changachi ndi inki chabe. China ndi chakuti manambalawa ndi a sampulo. Ana sanayezedwe m'nyumba zonse zimene ofufuza anafikamo, koma m'gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa dziko lonse zimenezo nzokwanira, koma ndimafuna kujambula maboma, Dedza, Ntcheu, Salima ndi ena, ndipo ukagawa ana amenewo m'maboma 28, lililonse limatsala ndi ochepa. Mizere iwiri itadutsana pamenepo ndi mapoyinti awiri kapena atatu, ndinganene kuti boma lina lapitirira linzake, kapena ndi mwayi chabe wa midzi imene inasankhidwa? Ngakhale mzere wa m'tauni uja, umene wandisangalatsa chonchi, waima pa ana ochepa kuposa wa akumudzi.

Ndaganiza zoika timizere tating'ono toima pa dontho lililonse toonetsa malire a kukayika, koma ndikatero pa maboma asanu ndi anayi a chigawo chapakati tchati chidzasanduka chisa cha mbalame, ndipo kuyera kwake kuja, kumene ndachikondera, kudzatha. Mwina ndingopaka mtundu mizere imene kusintha kwake nkwakukulu, ina yonse ikhale yotuwa. Koma kukula kwake kuyambire pati, mapoyinti asanu, khumi? Ntchito ikufunika Loweruka, ndipo pepala la maboma lidakali ndi mapolo awiri okha, chingwe sindinakoke.