Botolo la uchi lisasinthe: mmene timakonzera zithunzi za malonda

Bizinesi yathu ndi ya anthu atatu ndi kompyuta imodzi. Timakonzera ogulitsa uchi, chiponde ndi sopo zithunzi zotsatsira malonda pa WhatsApp ndi Facebook. Kasitomala amatitumizira chithunzi cha pafoni, ife n'kuchilowetsa mu Stable Diffusion, pulogalamu ya AI yopanga zithunzi, pa gawo la img2img losintha chithunzi chomwe chilipo kale, pamodzi ndi mawu ofotokoza zimene tikufuna. Ntchito yonse yagona pa nambala imodzi, Denoising strength, yoyambira pa 0 kulekeza pa 1.

Nambalayi imasokoneza ambiri chifukwa imayenda chobwerera: ikakwera, mphamvu ya chithunzi imachepa. Pulogalamuyi imayamba yathira chithunzicho timadontho ngati mchenga, kenako n'kumachotsa timadonthoto motsatira mawu. Mchenga ukachuluka, chithunzi choyamba chimakwiririka, ndipo mawu amatsala okha kutsogolera. Ozolowera Midjourney asamale, chifukwa kumeneko kukweza `--iw` ndiko kumalimbitsa chithunzi.

Titenge botolo la uchi lojambulidwa patebulo la pulasitiki, kumbuyo kuli khoma lothimbirira. Mwini wake akufuna lioneke lili pamphasa, dzuwa la m'mawa likuwala. Timalemba m'Chingerezi:

```
jar of honey on a reed mat, soft morning light
```

Seed, yosankha kathiridwe ka mchenga uja, timaikhomera pa nambala imodzi, CFG Scale, yolamula mmene pulogalamu itsatire mawu, pa 7, kuti chosintha chikhale chimodzi basi, Denoising strength. Pa 0.3 khoma limangosalala pang'ono, mphasa osaoneka. Pa 0.5 tebulo limayamba kuoneka lolukidwa, koma zilembo za palebulo zayamba kale kusungunuka. Pa 0.75 mphasa ndi yokongola zedi, koma botolo si la kasitomala uja: khosi latalika, chivindikiro chachikasu chasanduka chathabwa, dzina lasanduka zokandakanda zosawerengeka.

Apa palibe nambala yapakati yopulumutsa zonse. Kumbuyo kumafuna mchenga wambiri, botolo silifuna ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake timasamukira ku Inpaint, gawo losintha mbali imodzi yokha ya chithunzi. Timapaka botolo lokha, n'kusankha Inpaint not masked kuti pasinthe pamene sitinapake pokha, Denoising strength n'kuikweza kufika 0.8. Botolo limatsala mmene analijambulira, mphasa n'kubwera. Mukatero yang'anitsitsani pansi pa botolo. Ngati palibe mthunzi, limaoneka ngati likuuluka, ndiye timapaka kamzere kopyapyala pamenepo, n'kusankha Inpaint masked, n'kubwerezanso pa 0.35.

Chinanso, masitepe, maulendo amene pulogalamu imachotsa mchenga, amachepa limodzi ndi mphamvu ya Denoising strength. Mukaika 30 pa mphamvu ya 0.4, oyendadi amakhala pafupifupi 12, choncho chithunzi chikatuluka cha mbuu, onjezerani masitepe musanakhudze mawu.

Lamulo lathu pa katundu wogulitsa silisintha: mtundu wa uchi, kukula kwa botolo ndi lebulo sitizipereka kwa makina. Wogula akalandira uchi wakuda ataona wowala pachithunzi, amatukwana wogulitsa amene anatikhulupirira uja. Tisanatumize, timaika zithunzi ziwirizo pambalipambali n'kuwerenga lebulo chilembo ndi chilembo.